Azakhali Akuyankha: Buku la CDF Likwane pa Tsamba Limodzi

Azakhali,

Ndine mlembi wa kalabu ya amayi kuno kwa Mwase, m'boma la Lundazi. Tilipo 14. Timasonkha mwezi ndi mwezi, timabwereketsana, ndipo chaka chino tagwirizana zopempha ndalama za CDF, zija zosabweza, kuti tigule makina ogayira chiponde, popeza mtedza ndiye tili nawo. A khansala anandipatsa buku la malangizo, la Chingerezi chokhachokha, ndipo amayi apampando andilamula kuti Loweruka ndikafotokozere gulu mwachidule. Ndalemba masamba 9 m'kope la mwana wanga koma sindinafike pakati. Amayi apampando akufuna tipemphe K65,000: makina, mtedza woyambira, mabotolo, kanyumba kogayiramo, zitenje zofanana ndi chakudya cha pamisonkhano. Akuti zikalata tidzaziona tsiku lotseka likayandikira. Ndiwauze chiyani, ndipo ndisiye chiyani?

Ine mwana wanu,
Mlembi Wosagona, kwa Mwase

Mwana wa mlongo wanga,

Masamba 9! Ndiye mwachidule mwakomo? Ukanapatsidwa kuti ufotokoze mwatsatanetsatane bwenzi mwanayo atapita kusukulu wopanda kope. Loweruka ukawerenga zonsezo, pofika tsamba lachitatu theka la amayi likhala likusinza, theka linalo likukambirana za mtengo wa feteleza. Bweza kope kwa mwini wake, ung'ambemo pepala limodzi lokha, ndipo ukhale pansi.

Uyambe ndi chikuto cha bukulo, uone chaka. Thumba la CDF linayamba mu 1995, koma kwa zaka zambiri linali laling'ono. Mu 2021 dera la phungu mmodzi linkalandira K1.6 miliyoni, mu 2022 ndalamazo zinalumpha kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo unduna woona za maboma aang'ono ndi chitukuko cha kumidzi unatulutsa buku la malangizo mu Febuluwale chaka chomwecho. Kuchokera pamenepo ndalama zakhala zikukwera, kufika pa K36.1 miliyoni mu 2025, ndipo lamulo lenilenilo la CDF la mu 2018 linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2024. Choncho pamwamba pa pepala lako ulembe chaka cha buku limene ukufupikitsa, ndipo pambali pake uike chidziwitso cha khonsolo ya Lundazi cha chaka chino, chija amamata pa bolodi ku boma ndi kulengeza pa wailesi. Ziwirizi zikasemphana, chidziwitso chatsopano ndicho chigwira ntchito. Manambala amene ndikupatse pano ndi a buku la 2022, ndipo uwayerekeze ndi a pabolodi usanawaimbire amayi ngati nyimbo.

Tsopano chimene chakuchulukitsira masamba ndi ichi: ukufupikitsa buku lonse, pamene gawo lanu ndi kachigawo chabe. Bukulo likukamba za milatho, zipinda za sukulu, zitsime, mabasale a ana a sekondale ndi kagulidwe ka simenti. Zonsezo si zanu. Malinga ndi buku la 2022, pa ndalama zonse amachotsapo 5 pa 100 iliyonse zoyendetsera ntchito. Zotsalazo amazigawa patatu: 60 pa 100 ku ntchito za chitukuko cha m'mudzi, 20 ku mabasale, ndi 20 yotukulira amayi, achinyamata ndi magulu. Gawo lomalizali amaligawanso pawiri, 60 pa 100 ya ngongole ndi 40 pa 100 ya thandizo losabweza. Inu muli m'kachigawo kotsirizako. Pinda masamba a gawo limenelo, ndi a fomu yake kumapeto kwa buku, enawo uwasiye apume.

Tenga cholembera tiwerengere limodzi, chifukwa nambala imene itulukepo ndiyo idzadzutse osinza aja. Pa K25.7 miliyoni ukachotsa 5 pa 100, zitsala pafupifupi K24.4 miliyoni. Gawo lotukulira magulu likhala pafupifupi K4.9 miliyoni, ndipo thandizo losabweza likhala pafupifupi K1.95 miliyoni. Bukulo linaika malire akuti gulu limodzi lisapitirire K40,000. Ukagawa, upeza magulu 48 okha m'dera lonse la phungu, ngati aliyense atapatsidwa ndalama zonse za malire. Ganiza tsopano makalabu, makopaletivi ndi magulu a achinyamata amene ali kwa Mwase, kwa Kapichila, kwa Mphamba ndi pa boma penipeni. Iwe wekha ukudziwa makalabu angati m'wadi mwanu? Ndiye amene akuwerenga mafomu safuna chifukwa chokupatsirani ndalama poyamba. Amayamba ndi kufuna chifukwa chochepetsera mulu umene uli patebulo pawo.

N'chifukwa chake pepala lako ligawike monga amachitira ogula mtedza pamsika. Amayamba apisa dzanja m'thumba: mtedza wauwisi kapena wachuku amaubweza osauika n'komwe pasikelo. Wodutsa pamenepo ndiye amauyeza kulemera. Malangizo nawo ali ndi mfundo za mitundu iwiri, zobweza ndi zoyeza, ndipo bukulo silinazisiyanitse ndi mzere wofiira, ntchito imeneyo ndi yako. Paliponse pamene Chingerezi chikulamula kuti chinthu chiyenera kukhalapo, imeneyo ndi mfundo yobweza. Ulembe zimenezi pamwamba, chilichonse ndi nambala ya tsamba limene wachipeza, kuti amayi apampando akatsutsa usakangane nawo, ungowatsegulira.

Zobweza zake si zambiri. Gulu likhale lolembetsedwa mwalamulo, la nzika za Zambia, la anthu osachepera 10. Opempha akhale atakhala m'deralo kupitirira miyezi 6, ndipo ntchitoyo ichitikire m'dera lomwelo. Pakhale akaunti ya gulu. Ndalama zopemphedwa zisadumphe malire. Koma usangokopera mawu amenewa n'kumati wamaliza, mwanawe. Kufupikitsa kwenikweni n'kulemba pambali pa mfundo iliyonse yankho la kalabu yanu: tili nacho, tilibe, kapena tikufufuza, ndi dzina la munthu amene akachite. Chidule chopanda mayankho amenewa ndi buku lomwelija, langoonda.

Ndiimeko pa nkhani ya nzika, chifukwa kwanuko si nkhani yamasewera. Malire ali pafupi, ndipo ukwati sufunsa pasipoti. M'makalabu a ku Lundazi simulephera kukhala mayi wokwatiwa kuchokera ku Kasungu kapena ku Mzimba, wolimbikira kuposa nonse, wosunga bwino ndalama, koma wopanda reji yobiriwira. Fomu ikufuna makope a NRC yobiriwira ya mamembala. Musamubwerekere reji ya mlamu wake, ndakuonani maso. Werengani amene ali ndi reji yawoyawo, ndipo muonetsetse kuti akufika 10 popanda kukokera. Chimodzimodzi mnzanu amene anasamukira ku Chasefu kapena ku Lumezi. Kale tonse tinkati ndife a ku Lundazi, koma mu 2018 maderawo anakhala maboma paokha, ali ndi makhonsolo awo, aphungu awo ndi CDF yawo. Mwa anthu 14 anuwo ukachotsa awiri kapena atatu otere, mukadali bwino. Mukanakhala 11, ndikanakuuza kuti uyambe kutuluka thukuta.

Tibwere ku zikalata, kumene amayi apampando akuti mudzaona tsiku likayandikira. Uwapatse moni wanga, uwauze kuti Azakhali akuti zikalata zimenezi zimaberekana, ndipo mwana sabadwa mayi ake asanabadwe. Zofunika ndi satifiketi yosonyeza kuti gulu linalembetsedwa, malamulo a gulu olembedwa, maminitsi osainidwa a msonkhano umene munagwirizana za ntchitoyi, makope a reji, umboni wa akaunti, kalata yokuchitirani umboni yochokera kwa mtsogoleri wodziwika monga amfumu, abusa kapena khansala, ndi fomu yodzaza bwino pamodzi ndi bajeti. Bukulo limazindandalika mosasamala kuti choyamba n'chiti. Iwe uzilembe motsata kubadwa kwake. Popanda malamulo a gulu ndi mndandanda wa mamembala simungalembetse. Popanda satifiketi, a banki sakutsegulirani akaunti ya gulu, ndipo adzafunanso maminitsi otchula anthu osainira ndalama, mareji awo, ndi nambala ya msonkho ya TPIN yochokera ku ZRA. Ndiye ngati lero mulibe satifiketi, muli kutali ndi akaunti masitepe atatu, ndipo sitepe iliyonse ili ndi ulendo wake wa ku boma, mzere wake ndi bwana wake amene wapita kumaliro.

Sunandiuze ngati munalembetsa, ndipo kukhala chete kwakoko kwandiuza zambiri. Kusonkhana pansi pa mtengo wa mango Lachitatu lililonse si kulembetsa. Kopaletivi imalembetsedwa kudzera ku ofesi yoona za makopaletivi, imene kuyambira 2021 ili pansi pa unduna wa mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakati. Kalabu kapena bungwe limapita kwa mlembi wamkulu wa mabungwe, ndipo dzina la bizinesi limapita ku PACRA. A ofesi ya chitukuko cha m'midzi pa boma akhoza kukulozerani khomo loyenera gulu ngati lanu. Ngati satifiketi muli nayo kale, itulutseni m'sutikesi muione ngati ikadali ndi moyo, chifukwa magulu olembetsedwa amayenera kupereka malipoti a chaka ndi chaka, ndipo ambiri amaiwala kufikira tsiku limene aifuna.

Kenaka yala zikalata zonse pamphasa uwerenge dzina la gulu pa chilichonse, chilembo ndi chilembo. Apa ndi pamene amagwera anthu anzeru. Satifiketi ikunena dzina lina, ku banki munawonjezera mawu oti amayi, pa chidindo wosema anasiya chilembo chimodzi, pa fomu mlembi analemba dzina lachidule limene mumaitanirana. Kwa inu ndi gulu limodzi. Kwa wowerenga mafomu amene sanakuoneni n'kale lonse, ndi magulu anayi, ndipo ndalama za boma sizilowa mu akaunti ya dzina losiyana ndi lovomerezedwa. Maina a anthu nawonso alembedwe monga alili pa reji. Mayi amene mudzi wonse umamuitana Nyabanda kapena Amake Chisomo, pa fomu ndi dzina la pa reji basi.

Za tsiku lotseka, pepala lako likhale ndi masiku awiri, la khonsolo ndi lanu. Fomu yanu siuluka kuchoka kwa Mwase n'kukatera patebulo la khonsolo. Imadzera ku komiti ya chitukuko ya m'wadi, WDC, imene imakhala pansi, kuona mafomu a m'wadi yonse ndi kuwatumiza pamodzi ndi maminitsi ake. Ndiye funso loyamba kwa mlembi wa WDC likhale lakuti: inu mukhala liti? Limenelo ndilo tsiku lanu lenileni, ndipo limabwera msanga kuposa la pabolodi. Ukalidziwa, uwerengere chobwerera m'mbuyo. Tinene kuti WDC ikhala pa 20. Pa 17 zonse zikhale zili mu envulopu, kusiya masiku atatu a zoiwalika. Pa 13 mukhale mutajambulitsa makope, chifukwa tsiku limene udzapite kukajambulitsa ndilo tsiku limene magetsi adzazime boma lonse. Pa 10 kalata ya amfumu ikhale itasainidwa ndi kudindidwa, ndipo kwa amfumu sumapita ndi changu chako m'manja. Kotesheni ya makina, ngati ikuchokera ku Chipata, ifike sabata yoyamba. Akaunti ndi satifiketi sizikwana n'komwe m'mwezi umenewu, n'zoyamba lero. Fomu ndi yaulere, wina akakuuza kuti ugule kapena umupatse ya sopo kuti aikankhe, umufunse akulembere lisiti uone mmene athawire. Popereka, usunge kope la zonse, ndipo wolandirayo asaine ndi kulemba tsiku m'kope la kalabu.

Tsopano ku sikelo. Mafomu akachoka ku WDC amakafika ku khonsolo, kumene komiti ya akatswiri, anthu a zaulimi, zamalonda, zomangamanga ndi zachitukuko, imawaunika. Amayamba ndi mapepala, kenaka amatha kubwera kudzaona ndi maso. Akatero amapereka maganizo awo ku komiti ya CDF ya m'dera, mmene mumakhala phungu, makhansala ndi oimira mafumu ndi anthu, ndipo mndandanda umene yasankha umapita kukavomerezedwa pamwamba. Kumapeto kwa buku lakolo kuli pepala lolembedwa kuti ndi la ogwira ntchito okha, la mafunso amene ounika amachonga. Alembi ambiri amalidumpha poti si lawo. Iwe ndiye uliwerenge kawiri, chifukwa ndi mayeso amene akuonetsa mafunso ake usanalowe m'kalasi. Kupatula zikalata zija, mtima wake uli pa zinthu zochepa: kodi ntchitoyi ingayende ndi kupindula, ipereka ntchito kwa anthu angati, ithandiza ndani, ndipo ndalama za boma zikatha idzapitirira bwanji. Mabungwe ena opereka thandizo amalemba malikisi pambali pa funso lililonse, ndipo ukadzakumana ndi otero uzidzathera inki yambiri pa funso la malikisi ambiri. Pamene malikisi sanalembedwe, funso lililonse ulitenge ngati lingakugwetse.

Pa pepala lako, funso lililonse la ounika likhale ndi yankho la nambala. "Tidzatukuka" si yankho. Yankho ndi lotere, ndipo manambalawa ndangoyerekeza, inu muike anu enieni: botolo limodzi la chiponde litidyera K25 kuphatikiza mtedza, botolo lenilenilo ndi magetsi, tigulitsa K35, pa mwezi tigulitsa mabotolo 200 m'magolosale a pa boma ndi pamsika, phindu ndi K2,000, theka libwerera kukagula mtedza, theka lisungidwa kukonzera makina. Anthu awiri adzagaya, awiri adzagulitsa. Wounika akaona zotere amadziwa kuti anthuwa anakhala pansi. Akadzafunsa kuti mabotolo 200 adzagula ndani, mukhale ndi maina a magolosale amene mwalankhula nawo kale. Mukumbukenso kuti ku Lundazi mtedza uli ndi ogula akuluakulu, a COMACO amagula kwa alimi n'kupanga chiponde chawo, ndiye muyenera kunena chimene chidzachititse munthu kunyamula botolo lanu.

Tifike pa K65,000 ya amayi apampando. Ndi malire a K40,000, fomu imeneyo yadzigwetsa yokha isanawerengedwe, ndipo musayembekeze kuti ounika adzakudulirani mwachifundo. Dulani nokha. Tiyerekeze kuti kotesheni ya makina ikuti K24,000. Mtedza woyambira K8,000, mabotolo ndi mapepala omata K4,000, kunyamula makina kuchokera ku Chipata K1,500, kulumikiza magetsi ndi zokonzera K2,500. Zakwana K40,000 ndendende. Zotsala kunja ndi K25,000 ya kanyumba, zitenje ndi chakudya. Zitenje zofanana n'zokongola, ine ndemwe ndili nazo zodzaza sutikesi, koma chitenje sichinagayepo mtedza. Chakudya cha pamisonkhano aliyense adye kwawo asanabwere. Kanyumba kali ndi vuto lina pambali pa mtengo wake: mukangotchula zomanga, mwadziitanira funso la umboni wa mwini malo, ndipo malo a mwamuna wa amayi apampando si malo a kalabu, ngakhale bamboyo amwetulire chotani lero. Pezani chipinda chobwereka kapena cha lendi, mulembe pangano, ndipo muonetse pa fomu kuti chimenecho ndi chopereka chanu. Ngati mamembala angasonkhe mtedza wa m'minda mwawo, lembaninso, chifukwa gulu loikapo chake limaoneka kuti silidzathawa.

Pali funso limodzi limene sunalitchule, ndipo ndi limene wounika adzafunse asanakhale n'komwe pampando: magetsi ali kuti? Makina ogayira ena amayendera magetsi wamba a m'nyumba, ena amafuna amphamvu a mawaya atatu ngati a pachigayo. Wogulitsa alembe pa kotesheni mtundu wake. Ngati chipinda chanu chilibe magetsi oyenera, mwina mufunika makina a injini, ndipo mafuta alowe m'bajeti ndi m'mtengo wa botolo. Ounika akabwera n'kupeza kuti pamalopo palibe ngakhale waya, mapepala anu okongola aja athera pomwepo. Tsiku limenelo mamembala akhalepo, ndipo aliyense athe kunena chimene gulu lapempha ndi ndalama zake. Zimachitika kuti mlembi ndi wapampando akudziwa zonse, koma mayi wachitatu akafunsidwa amati, "Ife anangotiuza kuti tibweretse mareji." Mawu amenewo amamveka ngati gulu lopangidwa usiku umodzi chifukwa cha ndalama, ndipo ounika awamva kambirimbiri.

Chifukwa chake chidule chako chikhale m'chinenero chimene amayiwo amakambira kunyumba, Chichewa, ndi Chitumbuka kwa amene amamva bwino chimenecho, koma maina a zikalata uwasiye monga alembedwera m'buku kuti pa ofesi musakasowe chonena. M'munsi mwa pepala uwonjezere mzere umodzi wa zimene zidzachitike mukapatsidwa: ndalama zosabweza si ndalama zosawerengera. Zigwire ntchito imene munalemba, malisiti asungidwe, ndipo a khonsolo adzabwera kudzaona makinawo. Amene akuganiza zodzagawana K40,000 pa anthu 14 adziwiretu Loweruka lomwelo, asanasaine.

Amayi apampando usawachititse manyazi pagulu ndi nkhani ya zitenje. Upite kwawo Lachisanu madzulo ndi buku lopinda pa tsamba la malire, uwaonetse, ndipo Loweruka alengeze okha kuti aganiza zodula bajeti. Adzaitenga ngati nzeru yawo, iwe usatsutse. Lolemba m'mawa ukwere njinga ukafunse mlembi wa WDC tsiku limene akhale, ndipo ukadutse ku banki utenge mndandanda wa zimene amafuna potsegula akaunti ya gulu. Botolo loyamba la chiponde ndi langa, ndipo ndimakonda chokhala ndi mchere pang'ono.

Ine Azakhali ako